Musamagule sikirini ya kasitomala ndi ndalama ya kredito

Dzinja lino mashopu ang'onoang'ono a mafoni ambiri kuno ku Angonia ndi ku Tsangano aphwa, ndipo eni ake akuti vuto ndi njala, anthu alibe ndalama. Inde Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa, palibe akutsutsa, koma anthu sanasiye kuimba foni. Akubwerabe kudzafuna kredito ya 10, ya 20, ya 50, nde akupeza pa shopu palibe, mnyamata akungoti "yatha, bwerani mawa". Ukasuzumira mu dirowa yake ukupeza mafoni okonzakonza atamangidwa ndi labala, eni ake sanabwere kudzatenga. Kredito ija ili mmenemo. Inasanduka masikirini.

Zimachitika chonchi. Munthu wabwera ndi foni yosweka galasi, akuti konzereni ndidzalipira ndikamadzatenga. Mnyamata poopa kuti kasitomala apita kwa wina, akutsegula chitini momwe muli ndalama ya kredito, akutapamo, akutumiza pa M-Pesa kapena e-Mola kwa wogulitsa zipangizo ku Tete, sikirini yabwera pa chapa, waikamo, foni ikuyaka bwinobwino. Ndiye mwini wake zii. Sikuti ndi wakuba ayi, akudikira kukolola, ndipo nyemba, soya ndi fodya ndalama zake zimayamba kuoneka cha mu Epulo ndi Meyi. Foni yokonzedwa mu Januwale ikhala mu dirowa miyezi itatu.

Tiyeni tiwerenge za mnyamata wina wa kufupi ndi Domue yemwe ndinakhala naye pansi, mitengoyi kwanu itha kusiyana koma masamu ake ndi omwewo. Mpamba wake wa kredito unali 5000 metikali. Pa 100 iliyonse yomwe waika amapezapo 5, ndi kaphindu kochepa kwambiri, kredito sikhala ndi phindu lalikulu, mphamvu yake ndi yoti imazungulira msanga. Womubweretsera makadi amadutsa pa njinga yamoto pakapita masiku atatu, ndipo pofika tsikulo makadi amakhala atatha. Kutanthauza kuti masiku atatu aliwonse 250, pa mwezi maulendo 10, ndiye 2500 pa mwezi kuchokera pa kredito yokha. Imeneyi ndi yomwe inkalipira lendi ya kashopu ndi ufa wa kunyumba.

Tsopano watapamo 1800 kugula sikirini ya Tecno, kasitomala wamutchaja 2500. Mmutu mwake akuti ndapindula 700. Koma 1800 ija ikanakhala pa kredito ikanabweretsa 90 masiku atatu aliwonse, 900 pa mwezi, 2700 pa miyezi itatu. Ndiye wataya 2700 pofuna 700, ndipo 700 yoyo sanachotsepo ya chapa yomwe inabweretsa sikirini, sanachotsepo guluu, sanawerengere nthawi yake. Nanga akapanda kubwera konse mwini foniyo? Sanathere pomwepo, anachitanso chimodzimodzi ndi Itel ya 1400 ndi kena kabatire ka 800. Zonse pamodzi 4000. Pa kredito panatsala 1000 yokha, makadi akutha tsiku loyamba lomwelo dzuwa lisanafike pamutu, masiku awiri otsalawo akungobweza anthu. Pa 2500 ya pa mwezi ija anatsika kufika pa 500.

Ndipo kubweza anthu kuli ndi mtengo wake womwe suoneka mu kope. Mayi wabwera kawiri wapeza kredito ya Movitel palibe, ulendo wachitatu sabweranso, wazolowera pa shopu ina, chaja akagula komweko, foni ikavuta akasiya komweko. Anthu ambiri obweretsa mafoni kuti akonzedwe ndi omwewo amene amabwera tsiku ndi tsiku kudzagula kredito, ukawataya apa wawataya mbali zonse ziwiri.

Chomwe chimandipweteka nchakuti ndikafunsa kuti kope lili kuti, yankho ndi lomwe lija, "zonse zili mmutu bambo". Mmutu bwanji? Munthu ukugulitsa kredito ya Vodacom, ya Movitel, ya Tmcel, ena a kufupi ndi malire ku Calomue ndi ku Zobue akulandiranso makwacha, ukutchajitsa mafoni, ukugulitsa mahedifoni, mkazi wako watenga 200 ya ndiwo, mlamu wakongola kredito ya 50, zonsezi ndalama ikulowa ndi kutuluka mu chitini chimodzi, ndiye uziti zili mmutu? Chizolowezi chimenechi cha chitini chimodzi tinachitengera pa malonda a tomato a pamsika, pomwe ukagulitsa dengu latha wawerenga basi. Shopu ya mafoni si choncho, muli mabizinesi awiri osiyana mu chipinda chimodzi, ina imazungulira masiku atatu, ina itha kutenga miyezi. Ena mwakhala zaka mukugwira ntchitoyi, manja anu ndi aluso, kusintha pini yotchajira mumachita mosaphethira, koma simudziwa ngati ntchito yokonzayo ikukupatsani phindu kapena ikudya ya kredito. Ndatopa nako kumva zoti kulemba nkwa anthu a mashopu akuluakulu a ku Ulongwe. Wa mpamba wochepa ndi amene akufunika kulemba kwambiri chifukwa 1000 ikasowa kwa iye shopu yagwedezeka.

Mlimi wina wa mbatata ya kachewere ku Tsangano, bambo wachikulire, anandiuza mbali yake ndipo inandipatsa maganizo. Foni yake inagwera pa mwala ku dimba, anakaisiya kwa wokonza. Akuti, "Mwana uja sanandiuze kuti ndisiye kalikonse. Anangoti siyani bambo tiona. Ine tsiku limenelo ndinali nayo 1000 m'thumba, akanandiuza ndikanasiya, yotsalayo ndikanagulitsa nkhuku ziwiri zitatu. Koma poti sananene, ndinakagula feteleza wobereketsa, nanga ndikanatani." Atapita patatha miyezi iwiri anakangana, mnyamata akuti tinagwirizana 2500, bamboyo akuti ine ndinamva 2000, palibe pomwe zinalembedwa, mpaka anakafika kwa mfumu. Bamboyo ananenanso mawu omwe ndikufuna okonza mafoni muwamve, anati mlimi ngakhale njala ivute bwanji mbewu sadya, ndiye iye akudabwa kuti mnyamata wa sukulu akudya mbewu yake chifukwa cha foni ya munthu wina. Mukuona, kasitomala sanakane dipoziti, sanafunsidwe. Ambiri mumachita manyazi kufunsa munthu wamkulu, mumaona ngati nchipongwe, koma kukangana naye pa miyezi iwiri ndi kumene kumaononga ulemu.

Pa mtengo paja pamafunikanso tikonze, chifukwa 2500 ija inali yongolota. Mtengo wokonzera umayamba ndi chipangizo, 1800. Kuonjezapo gawo la thiransipoti, tinene 200. Guluu ndi tina ting'onoting'ono 50. Kenako pali chomwe ambiri simuwerengera, masikirini ena amabwera osagwira tachi kapena amasweka poika, ndipo ukachotsa kapepala kake nkumata guluu wogulitsa nthawi zambiri salandiranso. Ngati mwa khumi imodzi imakuonongekera, pa iliyonse ikapo 180. Ndiye ntchito ya manja ako, tinene 500. Zonse 2730, utha kunena 2750. Ukatchaja 2500 ndiye kuti ntchito yako waigulitsa 270 yokha osadziwa. Nchifukwa chake sikirini yatsopano muziyamba mwailumikiza chabe, foni muyatse, muyese tachi ngodya zonse ndi kuwala kwake, musanamate. Ndiponso poitanitsa musamangoti "ya Tecno Spark", mitundu yake ndi yambiri yofanana nkhope koma mawaya a mkati ndi osiyana, werengani nambala ya modelo yeniyeni pa foniyo. Sikirini yolakwika ndi ndalama ina yogona mu dirowa.

Mungadziwe bwanji kuti matendawa akugwirani? Madzulo ano potseka werengani ndalama ya kredito yomwe ili m'manja, onjezani mtengo wa makadi otsala ndi balansi yomwe ili mu foni yogulitsira. Zikuyenera kukwana mpamba womwe munayamba nawo ndi kaphindu pamwamba. Zikapanda kukwana, tsegulani dirowa muwerenge mafoni okonzedwa osatengedwa, pa iliyonse mulembe ndalama ya chipangizo yomwe munaikamo. Nthawi zambiri ndalama yoperewerayo ndi ya zipangizozi zimafanana.

Zochita zake sizambiri. Zitini zikhale ziwiri, cha kredito ndi cha zokonza, cha kredito chisatsegulidwe pa china chilichonse kupatula kugula kredito. Kope limodzi likukwana, kutsogolo kredito, kumbuyo zokonza. Chipangizo chodula ngati sikirini musaitanitse munthu asanasiye dipoziti yokwana chipangizocho ndi thiransipoti, pa chitsanzo chathu chija 2000, ya manja adzapereka potenga. Akati alibe muuzeni mwaulemu kuti bambo foniyi kaisungeni kunyumba, tsiku lomwe mwaipeza tidzaitanitsa. Foni iliyonse yolowa lembani tsiku, dzina, nambala ina yomupezera, modelo, vuto lake, mtengo, zomwe wasiya ndi zotsala, iye asayine kapena adinde chala, mumupatse kapepala kake. Ngati ikuyaka imbani `*#06#` mulembe IMEI, nambala yozindikirira foniyo, ikakhala yosayaka onani pa kapepala ka pansi pa batire kapena kumbuyo, zimathandiza mafoni ofanana akasokonekera komanso ikapezeka kuti inali yobedwa. SIM ndi memori kadi mwini wake atenge. Pa shelefu sungani zotuluka msanga zokha, mapini otchajira, machaja, zingwe, mabatire a timafoni ta mabatani, ndipo mabatirewo musaunjike ambiri makamaka inu a kotentha ku Moatize ndi ku Tete, amafooka ndi kutupa akakhalitsa. Mafoni omwe ali kale mu dirowa aimbireni eni ake sabata ino mugwirizane kulipira pang'onopang'ono, ngakhale 200 tsiku la msika, ndipo yobwerayo ibwerere kaye ku chitini cha kredito mpaka mpamba ukwane.