Botolo likuyandama pa tebulo, vuto ndi Flip Vertical yanuyo

Mafulaya a uchi ndi chiponde amene ndaona nyengo inoyi ambiri ali ndi matenda amodzi. Munthu wadula botolo bwinobwino mu Photoshop, waliika pa tebulo lonyezimira, kenako Ctrl+J, Flip Vertical, watsitsa Opacity basi wamaliza, eti chithunzithunzi chatheka. Abale, tasiyani zimenezi!

Tayang'anani kunsi kwa botololo. Munalijambula kamera ili m'mwamba pang'ono, nde pansi pake sipowongoka ayi, papindika ngati uta, pakati patsika m'mbali mwakwera. Mukalitembenuza utawo umatembenukanso, ndiye mauta awiri aja amangokhudzana pakati pokha, m'mbali monse mwatsala mipata iwiri tebulo likuonekera. Pa tebulo lenileni mpata umenewo kulibe, chithunzithunzi chimayambira pomwe botolo lagunda tebulo, m'mphepete monse. Wogula sangakuuzeni chalakwika koma diso lake laona kale kuti botolo likuyandama, ndipo akayamba kukayikira chithunzi amakayikiranso uchiwo.

Mlimi wina wa njuchi anandionetsa fulaya yake pafoni atalipira kale, mapepala atasindikiza kale. Akuti mayi wina pamsika anamufunsa kuti bambo, uchiwu ndi wanudi kapena mwangotola chithunzi pa intaneti? Uchi wake womwe, ming'oma yake yomwe, anafula yekha usiku njuchi zikumuluma. Nditakulitsa chithunzicho mipata ija inali mbee, kuwonjezera apo wopangayo anathiranso Drop Shadow, mthunzi wa botolo lonse uli kumbuyo ngati lamatidwa pakhoma. Drop Shadow ija ndi ya zinthu zafulati, malemba kaya kapepala, osati chinthu choimirira pa tebulo, tidzanena kangati kodi?

Kukonza kwake sikuchedwa. Leya yotembenuzayo ikhale pansi pa leya ya botolo, Ctrl+T musankhe Warp, kokani mbali zonse ziwiri m'mwamba mpaka mkombero wake ulowe ndendende kunsi kwa botolo, malemba a pa lebulo nawonso apindike motsatira. Opacity ine ndimayambira pa 30%, tebulo likakhala lakuda ndimakweza chifukwa chakuda chimaonetsa kwambiri. Ikani masiki, Gradient Tool, chizizilala chikamatsika, ndipo Gaussian Blur ichuluke kunsi kokha, pogundana paja pakhale pakuthwa.

Mthunzi uli pawiri. Woyamba ndi kamzere kakuda kopyapyala pomwe botolo lakhudza tebulo, leya yake pa Multiply, kufewetsa pang'ono chabe mwina mapikiselo 2 kapena 3 pa fulaya ya pafoni, kameneka ndi kamene kamakhazika botolo pansi. Wachiwiri ndi wofewa wotuwa, ulowere kothawa kuwala, botolo likawala kumanzere mthunzi kumanja. Pa tebulo lonyezimira wachiwiriyu asade kwambiri.

Musanatumize kwa kasitomala kulitsani pa 200% muone m'mbali muja ngati tebulo likusuzumirabe.