Momwe mungawerengere sikani ya FAST pofufuza magazi otayikira m'mimba mwa munthu wovulala

Sikani ya FAST, yomwe ndi kuunika wovulala mwachangu ndi makina a ultrasound, imayankha funso limodzi lokha, lakuti kodi m'mimba kapena mozungulira mtima wa wovulalayo muli madzi otayikira kapena ayi. Siuza dokotala chiwalo chomwe chang'ambika, ndipo ophunzira ayenera kumva zimenezi asanagwire makina. Gwiritsani pulobu yokhota ya 2 mpaka 5 MHz, wodwala atagona chagada; pulobu ndi kachipangizo kogwira m'manja komwe mumaika pakhungu la wodwala. Magazi atsopano amaoneka akuda bii ndipo amalowa m'mipata ya pakati pa ziwalo, motero amathera m'nsonga zosongoka, pamene madzi omwe ali m'kati mwa ndulu kapena mtsempha amakhala ozungulira komanso otchingidwa ndi khoma.

Yambani kumanja, m'munsi mwa nthiti motsata mzere wa pakati pa mkhwapa, chizindikiro cha pulobu chitaloza kumutu. Pezani chiwindi ndi impso, ndipo muone mpata wa pakati pake wotchedwa thumba la Morison, womwe umangokhala mzere umodzi woyera mwa munthu wabwinobwino. Musalekere pomwepo, koma tsitsani pulobu mpaka muone nsonga ya m'munsi ya chiwindi, chifukwa kawirikawiri magazi amayamba kuonekera pamenepo. Mwa anthu onenepa, mafuta ozungulira impso amanamiza, koma mukayang'anitsitsa amakhala otuwirako ndipo ali ndi mizere iwiri yoyera m'mbali mwake.

Mbali ya kumanzere ndiyo inandisokoneza nthawi ina, ndipo ndimaiphunzitsa mofatsa kuposa zonse. Kapamba, yemwe pa Chingerezi amati spleen, ali m'mwamba komanso chakumsana kuposa momwe ambiri amaganizira, choncho kwezani pulobu ndi kuikankhira kumbuyo mpaka zala zanu zikhudze bedi. Ambiri amabwereza zomwe achita kumanja n'kumayang'ana pakati pa kapamba ndi impso, chonsecho kumanzere magazi amayamba asonkhana pamwamba pa kapamba, pansi pa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Wanjinga yamoto wina wakabaza, yemwe anagundidwa kumanzere n'kuthyoka nthiti za m'munsi, anabwera mtima ukugunda mothamanga, koma thumba la Morison linali loyera, pakati pa kapamba ndi impso panalinso poyera. Titakweza pulobu ndi mpata umodzi wa nthiti n'kuipotoza pang'ono kuti igone motsata nthitizo, mithunzi inachoka ndipo kamzere kakuda kooneka ngati mwezi watsopano kanatulukira pamwamba pa kapamba. Kufiyeta anapeza kapamba wong'ambika. Ngati mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba uja, womwe umaoneka ngati mzere woyera, sunaoneke pa sikirini, dziwani kuti mbali imeneyi simunaiunike.

Msampha winanso kumanzereko ndi chifu chodzaza. Munthu amene wangomwa kumene thobwa kapena mowa amaonetsa dziwe lakuda pafupi ndi kapamba, makamaka pulobu ikaloza kutsogolo kwambiri. Dziwe lotero limakhala ndi khoma ndiponso timadontho toyera tosambira m'kati, ndipo limazimirira mukalozanso pulobu kumsana.

Pa nkhani ya zipangizo, mapulobu ogwiritsidwa kale ntchito omwe amalonda ena amatsatsa motchipa muyambe mwawayesa musanalipire. Mzere wakuda wotsika kuchokera pamwamba penipeni pa sikirini, wosasuntha ngakhale musunthe dzanja, umasonyeza kuti pulobuyo inawonongeka, ndipo wophunzira angathe kuutenga ngati magazi. Jelo naye ndi wodula ndipo amatha msanga. Ena amaphika phala lopyapyala la ufa wa chinangwa n'kuliziziritsa, ndipo limathandiza ndithu pa khungu lopanda bala.

Pachinena unikani mopingasa ndi motalika, makamaka asanaike katheta, popeza chikhodzodzo chodzaza ndicho chimaonetsa bwino zakumbuyo kwake. Chepetsani Gain, yomwe imasintha kuwala kwa chithunzi, chifukwa kuseri kwa chikhodzodzo kumawala kwambiri ndipo kuwalako kumabisa madzi ochepa. Mwa amuna yang'anani kumbuyo kwa chikhodzodzo, mwa amayi kumbuyo kwa chiberekero, podziwa kuti timadzi tochepa pamenepo timapezeka ngakhale mwa mayi wosavulala. Za mtima, gonekani pulobu pansi pa fupa la pachifuwa, wonjezerani Depth kuti chithunzi chifike mozama, ndipo fufuzani mkombero wakuda wozungulira mtima.

Sikani yosaonetsa kanthu siitanthauza kuti wodwala ali bwino. Thumba la Morison nthawi zambiri limafuna magazi okwana pafupifupi theka la lita kuti lionetse, magazi oundana amaoneka otuwa ngati chiwalo, ndipo matumbo obooka kapena magazi otayikira kumsana kuseri kwa matumbo saoneka bwino. Bwerezani sikani pakapita mphindi zingapo kapena wodwala akasintha. Kumbukiraninso kuti odwala ena a TB ya m'mimba kapena likodzo la m'chiwindi amakhala ndi madzi m'mimba kale ngozi isanachitike. Koma ngati BP yatsika ndipo madzi aoneka, itanani madokotala a opaleshoni nthawi yomweyo, mutumize magazi kulabu kuti akonze omupatsa, ndipo musachedwe ndi kufuna chithunzi chokongola.