Momwe mungawerengere IgM ndi IgG pa zotsatira za magazi: chitsanzo cha tayifodi

Mapepala ambiri a zotsatira amene anthu amabwera nawo kuti ndiwathandize kumva amakhala ndi mizere iwiri, IgM ndi IgG, pambali pake palembedwa POS, kutanthauza kuti zapezeka, kapena NEG, kutanthauza kuti sizinapezeke. Munthu akangoona POS paliponse mtima umagunda, ndipo ena amakhala atagula kale mankhwala. Ndimagwira ntchito mu labotale, ndiye ndifotokoza momwe timawerengera, potengera tayifodi chifukwa ndi kumene zilembo zimenezi zimasokoneza anthu kwambiri m'makiliniki athu.

Kuyeza kotereku sikuona kachilombo ayi. Kumaona maantibodi, amene ndi zida zomwe thupi limapanga likakumana ndi kachilombo. IgM ndi imene imayamba kutuluka. Imayamba kuoneka cha kumapeto kwa sabata yoyamba ya matenda, imakwera kwa masabata awiri kapena atatu, kenako imatsika mpaka kuzimiririka pakapita miyezi ingapo. IgG imabwera pambuyo, cha m'sabata yachiwiri, koma ikabwera siichoka msanga. Imatha kukhala zaka, pa matenda ena moyo wonse. IgM ili ngati bala lomwe likadali laliwisi, IgG ngati chipsera: chimakuuzani kuti panavulala, koma sichinena kuti ndi liti.

Choyamba, onani kachipangizo musanaboole chala cha munthu. Ndi kapulasitiki koyera kofanana ndi koyezera malungo, kokhala ndi zilembo C, M ndi G: M ndi mzere wa IgM, G ndi wa IgG, ndipo C umangosonyeza kuti kachipangizoko kagwira ntchito. Makampani ena amalemba T1 ndi T2, ndiye werengani kapepala ka m'bokosi kuti mudziwe mzere wa IgM ndi uti, chifukwa sizifanana. Onani tsiku lotha mphamvu, onaninso kuti kathumba kake n'kosabooka. Zipangizo zambiri zimayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 30, ndipo mukudziwa momwe Okutobala amatenthera ku Chikwawa kapena ku Salima. Pali amalonda oyenda ndi katoni m'buti ya galimoto, akugulitsa motchipa kuposa ogulitsa ovomerezeka, kabotolo ka madzi odonthezera kali kochokera m'bokosi lina. Mtengo wake umakopa, koma mzere wotuluka pa kachipangizo koti kapsa ndi dzuwa sungaudalire. Ngati ndinu wodwala, muli ndi ufulu wopempha kuti akasegule inu mukuona.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikhalitse, werengani masiku kuchokera pamene thupi linayamba kutentha. Zotsatira za IgM ndi IgG zopanda tsiku limeneli n'zosakwanira.

Mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa kusekondale, anayamba kutentha thupi ndi kumva mutu. Pa tsiku lachitatu anapita naye ku kiliniki ina yolipira. Malungo sanapezeke. Anamuyezanso tayifodi, panangotuluka mzere wa C wokha, M ndi G palibe. Anawauza kuti si tayifodi, anawapatsa panado n'kubwerera kunyumba. Kachipangizo sikananame, kanawerenga zomwe zinali m'magazi tsiku limenelo. Vuto linali loti pa tsiku lachitatu thupi limakhala lisanapange IgM yokwanira kuti ioneke. NEG imeneyo inkatanthauza kuti “sizinaoneke”, koma banja linamva kuti “mulibe”.

Kutentha kunapitirira, kumakwera madzulo alionse. Mnyamata anasiya kudya, m'mimba munayamba kupweteka, maso analowa. Atandiimbira foni linali tsiku lachisanu ndi chinayi. Tinamuyezanso ndipo mzere wa M unatuluka wooneka bwino, wa G uli wotuwa kwambiri moti umafuna kuunika pawindo. Tsiku lomwelo, asanamwe mankhwala alionse opha tizilombo, anamutenga magazi a kalicha, aja amaika m'botolo kuti kachilombo kamere. Patapita masiku ochepa kanamera kachilombo ka tayifodi. Anachira, koma anali akuyandikira sabata yachitatu, nthawi imene tayifodi imatha kuboola matumbo, ndipo zikatero ndi nkhani ya opaleshoni.

Chimene chinasowa ku kiliniki ija ndi mawu ochepa chabe: mwabwera msanga, thupi likapitiriza kutentha mubwerenso pakatha masiku anayi kapena asanu. Ine masiku ano sinditenga magazi ndisanafunse tsiku loyamba kudwala, ndipo ndimalilemba papepala la zotsatira. Anthu ambiri amayankha kuti “ndi kale ndithu” kapena “masiku omwewa”. Musalandire yankho limenelo. Funsani ngati anapita kutchalitchi Lamlungu lathali ali bwino, ngati anapita kumsika tsiku la msika, mpaka tsikulo lipezeke. Funsaninso ngati anamwa kale sipuro kapena amokisilini wogula pagolosale, chifukwa mankhwala amenewa amatha kuchititsa kuti kalicha asamere ngakhale matenda alipo.

Chachitatu ndi kuyeza kwenikweniko. Dontho la magazi m'kabowo, madontho a madzi aja monga momwe kapepala kanenera, ikani pamalo osapendekeka, yambitsani wotchi. Zambiri zimawerengedwa pa mphindi 15, ndipo zikadutsa mphindi 20 musakhulupirirenso chilichonse chotuluka. Kachipangizo kosiyidwa patebulo ola lathunthu kamatha kuonetsa kamzere kabodza pamene kakuuma. Mzere wa C ukapanda kutuluka, tayani, yambaninso ndi kena, ngakhale M itaoneka bwanji.

Tsopano kuwerenga. C yokha ikutanthauza kuti maantibodi sanapezeke: mwina munthuyo alibe matendawo, mwina mwamuyeza msanga ngati mnyamata uja. C ndi M ikusonyeza kuti thupi lakumana ndi kachilombo posachedwapa, ndipo ngati munthuyo watentha thupi kwa sabata, malungo palibe, dokotala ali ndi chifukwa choganizira tayifodi. C, M ndi G pamodzi nthawi zambiri ndi matenda amene afika sabata yachiwiri kapena kupitirira, kapena amene angotha kumene, kapenanso munthu amene anadwalapo kale ndipo wadwalanso.

C ndi G yokha ndi imene imadyetsa anthu ndalama. M'madera amene madzi akumwa ndi ovuta, anthu ochuluka anakumanapo ndi kachilomboka kapena abale ake, ena osadwala n'komwe. IgG yawo ilipo ndipo idzakhalapo. Munthu wotere akabwera ndi mutu kapena kuphwanya m'thupi, n'kumuyeza, G ituluka lero, ituluka mwezi wamawa, itulukanso chaka chamawa. Ndiye mumamva wina akuti “tayifodi yanga siikutha, ndamwa mankhwala katatu koma akuipezabe”. Chimene akupeza ndi chitetezo chake, ndipo palibe mankhwala amene angachifufute. Zimandipweteka chifukwa matenda enieni amene akumuvutitsa amakhala osafufuzidwa, komanso kumwa mankhwala kosafunikaku ndi kumene kumalimbitsa tizilombo. Ku Blantyre, kuyambira cha m'ma 2011, kunafala mtundu wa tayifodi wosamva mankhwala akale monga amokisilini, bakitirimu ndi kuloramufenikolo, ndiye ochepa amene atsalawa sitiyenera kuwaseweretsa. Komabe G yokha siitsekeratu nkhani. Munthu amene anadwalapo kale akadwalanso, IgG imakwera msanga ndipo IgM imatha kukhala yochepa moti siioneka. Choncho amene akutentha thupi kwambiri, G yokha itatuluka, akufunika kalicha, osati kungouzidwa kuti ndi zakale.

Nayo M siyolungama nthawi zonse. Imatha kutsalira miyezi ingapo munthu atachira, ndipo imatha kutuluka mwabodza mwa munthu wodwala malungo, wodwala matenda a tizilombo tina ta m'matumbo tofanana ndi ta tayifodi, kapena amene ali ndi nyamakazi ija yotupitsa mfundo. N'chifukwa chake tizipangizo ta tayifodi timeneti sitikwanira patokha kutsimikizira matenda. Chotsimikizira ndi kalicha, ngakhale nayenso amaphonya odwala ena ndipo sapezeka paliponse. Ndi wodula kuposa kachipangizo, komanso muyenera kudikira masiku angapo, koma amakuuzaninso mankhwala amene kachilomboko kakumva. Mukaphatikiza ndalama zoyezetsa kachipangizo katatu ndi zogulira mankhwala katatu, mupeza kuti kalicha mmodzi akanakupulumutsani.

Chachinayi, ngati pali kukayika, yezani ku labotale imene imapereka manambala, osati mizere chabe, kenako yezaninso pakatha masiku 10 mpaka 14. Chimene timayang'ana ndi kukwera kanayi, mwachitsanzo kuchoka pa 1:80 kufika pa 1:320. Kukwera kotero kumasonyeza matenda atsopano. Nambala ikakhala pomwepo, zikhoza kukhala zakale. Magazi onse awiri ayezedwe pamalo amodzi. Mayeso aja olembedwa Widal papepala sasiyanitsa IgM ndi IgG, ndipo kuyezetsa kamodzi kokha sikukuuzani zambiri. Musadikire masiku 14 amenewa ngati wodwala akupweteka kwambiri m'mimba, mimba yauma gwa, akuchita chimbudzi cha magazi kapena akubwebweta. Ameneyo apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Zotsalazi ndingodutsamo. Kawerengedwe n'komweko pa matenda ena, koma nthawi zimasiyana. Mayi woyembekezera akapezeka ndi IgG yokha ya rubela, matenda ofananako ndi chikuku, ndi nkhani yabwino, ndiye kuti ali ndi chitetezo chochokera ku katemera kapena ku matenda akale. IgM ikatuluka ali woyembekezera, aonane ndi dokotala kuti atsimikizire ndi mayeso ena asanachite mantha. Katemera amapangitsanso maantibodi, choncho nenani za katemera amene mwabayitsa posachedwa. Anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri amatha osapanga maantibodi okwanira, ndiye NEG yawo ndi yokayikitsa. Kwa makanda, IgG ya mayi imadutsa m'nsengwa kupita kwa mwana koma IgM siidutsa chifukwa ndi yaikulu. Choncho IgG mwa khanda imakhala ya mayi ake, ndipo pa HIV imatha kutsalira mpaka miyezi 18. Ichi ndi chifukwa chake mwana wa masabata asanu ndi limodzi wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amamuyeza ndi PCR, imene imafufuza kachilombo kenikeniko, osati ndi kachipangizo ka mizere.