Kafunso ka kumchira m'Chingerezi: aphunzitsi, yambani ndi kusaka mneni

Ndikamayendera makalasi a Sitandade 8 ndi Fomu 2 kukaona mmene phunziro la Chingerezi likuyendera, pamakhala cholakwika chimodzi chomwe ndimachimva ndisanakhale n'komwe pampando. Mwana amati *You are coming tomorrow, isn't it?* Wina n'kuti *She cooked nsima, isn't it?* Nthawi zina ndi aphunzitsi omwe amene amatero polankhula ndi anzawo mu ofesi. Kafunso kakafupi kamene timamata kumapeto kwa chiganizo, kamene m'mabuku amakalemba kuti *question tag*, ana athu anakasandutsa fosholo imodzi yokumbira dzenje lililonse.

Tisawadzudzule anawa. M'Chichewa kafunso kotere sikasintha. Timati "Ubwera mawa, eti?", "Anaphika nsima, eti?", "Simunawaone, eti?" Kaya nkhaniyo ndi ya dzulo kapena ya mawa, kaya ndi yovomereza kapena yokana, "eti" ndi yemweyo, ndipo "si choncho?" nayenso sasintha malaya. Mwana akalowa m'Chingerezi amasaka mawu amodzi oti alowe m'malo mwa "eti", ndiye amagwira *isn't it*. Nzeru yakeyo ndi yomveka, kungoti Chingerezi cholemba pa mayeso sichiyenda motero. Kumeneko kafunsoko kamaumbidwa kuchokera ku chiganizo chomwe kamamatidwako, ndipo chiganizo chikasintha nako kamasintha. Auzeni ana zimenezi poyera tsiku loyamba, muwalembere ziganizo zitatu za "eti" pa bolodi pambali pa za Chingerezi, aone okha kusiyanako.

Ambiri timayamba ndi lamulo lakuti chiganizo chovomereza chimatenga kafunso kokana, chokana chimatenga kovomereza. Lamulolo ndi loona, koma si poyambira pabwino. Mwana yemwe waloweza lamulo lokhalo amalembabe *They have gone, isn't it?* n'kumaona kuti wakhoza, poti wakana kumapeto monga anauzidwira. Poyambira ndi pa mneni.

Muuzeni mwana adule mzere pansi pa mneni wothandizira woyamba m'chiganizomo, mawu ngati *is, are, was, were, has, have, had, will, can, must, should*. Mneni yemweyo ndi amene abwerere kumchira. *Chikondi can swim* akhala *can't she?* *The maize has dried* akhala *hasn't it?* Aneni othandizira akakhala awiri kapena atatu mondondozana, monga mu *They will have been waiting*, timatenga woyamba yekha: *won't they?* Apa muime pang'ono, chifukwa *will not* akafupikitsidwa amakhala *won't*, ndipo ana ena amalemba *willn't*, mawu omwe kulibe.

Vuto limabwera pamene mneni wothandizira sakuoneka. Mu *She cooked nsima* muli mneni mmodzi yekha, *cooked*. Zikatero timabwereka *do*, *does* kapena *did*, malinga ndi nthawi ya mneniyo ndi mwininkhani. *Cooked* ndi nthawi yakale, ndiye *didn't she?* *He sells fish* ndi nthawi yatsopano, munthu mmodzi, ndiye *doesn't he?* Njira yomwe ndaona ikugwira ntchito ndi kumuuza mwana kuti asandutse kaye chiganizocho kukhala funso lenileni. Akati *Did she cook nsima?* wapeza kale mawu omwe akufunika, kwatsala kungowakanitsa.

Mneni akapezeka, mwininkhani alowedwe m'malo ndi mlowam'malo. Kumchira sikukhala dzina. Sitinena *isn't Mphatso?* koma *isn't he?* kapena *isn't she?* Pomaliza ndiye titembenuze: chovomereza chipeze chokana, chokana chipeze chovomereza.

Tiyeni tiyese ndi chiganizo chimodzi cha mtundu womwe umagwetsa ana pa mayeso: *The women who sell tomatoes at the market hardly come late.* Mwana wothamanga amaona *market* pafupi n'kuganiza za *it*. Mufunseni kuti amene sachedwawo ndani. Ndi amayi, ndiye mlowam'malo ndi *they*. Aneni alimo awiri, *sell* ndi *come*, koma *who sell tomatoes at the market* ikungofotokoza kuti ndi amayi ati. Muphimbe mawuwo ndi dzanja pa bolodi, patsala *The women hardly come late*. Mneni wamkulu ndi *come*, alibe womuthandizira, nthawi ndi yatsopano, anthu ndi ambiri, choncho tibwereka *do*. Tsopano msampha weniweni: m'chiganizomo mulibe *not*, ndiye mwana amachiyesa chovomereza n'kulemba *don't they?* Koma *hardly* akutanthauza kuti amayiwa sachedwachedwa. Chiganizocho ndi chokana kale, ndipo yankho ndi *do they?*

Mawu okana mobisa ngati amenewa ndi ofunika phunziro lawolawo. Alipo *never, hardly, scarcely, seldom, rarely, nobody, nothing, neither*, komanso *few* ndi *little* akakhala opanda *a* patsogolo. *Few pupils passed, did they?* chifukwa *few* akudandaula kuti pafupifupi palibe. Koma *A few pupils passed, didn't they?* chifukwa *a few* akunena kuti alipo ndithu angapo. Kachilembo kamodzi kokha katembenuza yankho. Ine ndimawauza ana kuti alinene m'Chichewa tanthauzo la chiganizocho, chamumtima. Mukatuluka "sa-", "si-" kapena "palibe", kumchira kusakhale *not*. Chenjerani nayo njirayi pamalo amodzi: *He is unhappy* m'Chichewa ingatuluke "sakusangalala", koma m'Chingerezi chiganizocho ndi chovomereza, poti *un-* wangosintha tanthauzo la liwu limodzi. Yankho ndi *isn't he?*

Palinso *nobody, somebody* ndi *everyone*. Mawuwa amatenga mneni wa munthu mmodzi m'chiganizo, koma kumchira amasanduka *they*, ndipo mneni amatsatira: *Everyone is here, aren't they?* *Nobody called, did they?* Pamene *nothing* ndi *everything* amatenga *it*.

Cholakwika china chimene ndimachipeza kawirikawiri ndikamatsegula makope chimachokera ku mawu ofupikitsidwa. Ka *'s* kangaimire *is* kapena *has*, ndipo ka *'d* kangaimire *had* kapena *would*. Mwana akaona *She's gone to Zomba* amalemba *isn't she?* pamene tanthauzo ndi *she has gone*, ndiye *hasn't she?* Muphunzitseni kuyang'ana mawu otsatira. *He's eating* ndi *is*, *he's eaten* ndi *has*. *You'd like tea* ndi *would*, ndiye *wouldn't you?* *You'd better go* ndi *had*, ndiye *hadn't you?* Asanalembe kalikonse kumchira, atambasule kaye chofupikitsidwacho pambali ndi pensulo.

Zilipo zochepa zimene palibe kuchitira mwina koma kuloweza. *I am late* amatenga *aren't I?* ngakhale kuti sitinena *I are*. Chokana chake n'chosavuta, *I am not late, am I?* *Let's go* amatenga *shall we?* Kulamula kapena kupempha, monga *Close the door*, kumatenga *will you?* kawirikawiri, ngakhale *would you* ndi *can you* amamvekanso. Chiganizo choyamba ndi *There is* chimabwereza *there*. Zimenezi musazipatse sabata yathunthu, zikwanira pa tchati chimodzi pakhoma.

Pa *have* pokha musamange ana lamulo lomwe eni chilankhulo alibe. *You have a bicycle* akhoza kutenga *haven't you?*, monga amanenera ambiri ku Britain, kapena *don't you?*, zomwe zafala ku America ndipo ku Britain komweko zimamveka. Zonse n'zololedwa pamene *have* akutanthauza kukhala ndi chinthu. Koma akatanthauza kudya kapena kuchita, monga mu *They had lunch at noon*, ndi *didn't they?* basi, ndipo *have to* nayenso amatenga *do*. Pochonga, musapatse mtanda mwana yemwe walemba yankho lachiwiri lololedwa chifukwa chakuti buku lanu linasindikiza limodzi.

Nanga lamulo lotembenuza lija lilibe pothera? Lili napo. Mwana wakhutu angakufunseni kuti bwanji mufilimu anamva *So you are the new teacher, are you?* Musamuuze kuti analakwitsa ndi a mufilimuwo. Kafunso kovomereza pa chiganizo chovomereza kalipo, ndipo kamagwiritsidwa ntchito munthu akamabwereza zomwe wangomva kumene, modabwa, mwachidwi kapena monyogodola, ngati mmene ife timanenera kuti "Ohoo, ndiye ndinu aphunzitsi atsopanowo?" Pa mayeso osankha yankho olemba amafuna kotembenuza kaja, koma mwana adziwe kuti kosatembenuzako si kolakwika pakamwa.

Gawo lomwe timalidumpha kwambiri ndi kayankhidwe, ndipo apa Chichewa chimakoka mwana mwamphamvu kuposa pena paliponse. Wina akati "Sunadye, eti?" ife timayankha "Eya", kutanthauza kuti mwanena zoona, sindinadye. Timavomereza wofunsayo. Chingerezi chimayang'ana chochitikacho. Funso likakhala *You haven't eaten, have you?* munthu yemwe sanadye amati *No, I haven't*, yemwe wadya amati *Yes, I have*. Mwana wathu amati *Yes* ali ndi njala, womva n'kuchotsa mbale. Taganizani za mwana yemweyo atakula, dokotala wachilendo akumufunsa kuti *You aren't taking any other medicine, are you?* iye n'kuti *Yes* pofuna kunena kuti sakumwa. Choncho musalole yankho la liwu limodzi m'kalasi. Ayankhe *Yes, I have* kapena *No, I haven't*, ndipo mukamva *Yes, I haven't* dziwani kuti mwanayo akuganiza m'Chichewa molondola, kwangotsala kumuonetsa kuti *yes* ndi *not* sakhalira pamodzi mu yankho lotere.

Poyeserera, mphindi khumi kumayambiriro kwa phunziro zimakwanira. Ikani ana awiriawiri. Mmodzi anene chinthu choona chokhudza mnzake, monga *You live near the borehole*, n'kumata kafunso, mnzakeyo ayankhe mokwanira. Sankhani nkhani zomwe yankho lake kalasi yonse ikulidziwa, kuti woyankha akasokoneza *yes* ndi *no* anzake amugwire okha. Mverani ndi mawu: akatsika kumapeto, wofunsayo akudziwa kale ndipo akungofuna kuvomerezedwa, akakwera, akufunsadi.

Pochonga makope, musangoika mtanda. Lembani pambali chomwe chaphonyeka, kaya ndi mneni, mlowam'malo kapena kutembenuza. Mukatha makope makumi atatu muona kumene kalasi yanu yatsamira. Ngati ambiri akulemba *isn't it* paliponse, bwererani ku kusaka mneni ndipo za *hardly* ndi *few* zidikire sabata yamawa. Ngati mneni akumupeza koma akugwa pa *never* ndi *nobody*, apatseni ziganizo khumi zopanda *not*, zisanu zokana mobisa ndi zisanu zovomereza, azigawe m'magulu awiri asanayambe kumata kafunso kalikonse.