Momwe mungapangire kamunthu kokweza dzanja mu Blender pa laputopu yofooka

Ngati laputopu yanu ndi ija ya 8GB yopanda khadi ya magirafiki, musayambe ndi filimu yaitali. Tipange kamunthu kopereka moni ndi dzanja, masekondi 5 basi, omwe pa mafulemu 24 pa sekondi akukwana mafulemu 120.

Yambani ndi kabokosi kaja mumakapeza mukangotsegula Blender. Mu Edit Mode kaduleni pakati, chotsani theka, ikani Mirror kuti muziumba mbali imodzi inayo izingotsatira. Manja akhale otambasula, ndipo pachigongono ndi pabondo ikani mizere itatu ndi Ctrl+R, apo ayi mkono ukamapinda umaphwatalala ngati paipi yopondedwa. Tsitsi la ulusi umodziumodzi lisiyeni kaye, mumuveke chipewa.

Mafupa ndiye pomwe ambiri amalirira. Musanaike fupa ngakhale limodzi, sankhani kamunthuko mu Object Mode, Ctrl+A, kenako All Transforms. Tsopano Shift+A, Armature, ndipo mu Edit Mode muzikoka mafupa ndi E kuchokera m'chiuno. Pangani akumanzere okha, maina ake azithera .L, Symmetrize ikupangirani akumanja. Mukatha sankhani thupi, gwirani Shift musankhenso mafupa, Ctrl+P, With Automatic Weights.

Ikakulemberani kuti `failed to find solution for one or more bones` musathamangire kufufuta mafupa, nthawi zambiri vuto ndi thupi, pali timadontho tomwe tasanjikizana pamalo amodzi. Bwezani ndi Ctrl+Z, sankhani thupi lokha, lowani Edit Mode, A, M, By Distance, muyesenso. Ndipo mukakweza mkono nthiti n'kumatsatira, pitani mu Weight Paint muchotse mtundu wa fupa la mkonolo panthitipo.

Kuyendetsa sikuvuta. Mu Pose Mode sankhani mafupa a mkono, fulemu 1 dzanja pansi, dinani I kuti Blender isunge kaimidweko. Fulemu 24 dzanja m'mwamba, I. Ligwedezeni uku ndi uku mafulemu 12 alionse mpaka 96, litsike pofika 120. Mutu upendekeke pang'ono, kuopa kuoneka ngati chidole cha mushopu ya zovala.

Porenda, kapena kuti potulutsa zithunzi zomaliza, ine injini ya Cycles ndimaisiya, ya EEVEE ndi yokwana, pa 1280x720 ndi Samples 16. Dinani F12 muone fulemu imodzi ikutenga nthawi yanji, muchulukitse ndi 120. Masekondi 20 ndiye kuti mphindi 40, koma ikakhala mphindi 3 amenewo ndi maola 6, ndiye chepetsani nyali kapena mithunzi.

Chonde musarende molunjika kukhala vidiyo. Sankhani PNG, chifukwa magetsi akathima batire n'kutha pa fulemu 90, vidiyo ija nthawi zambiri siitseguka n'komwe, pomwe zithunzi 89 zimakhala zili phee mufoda. Akayaka chotsani chongi pa Overwrite, Ctrl+F12, idumpha zomwe zilipo kale n'kupitiriza. Zikakwana 120 zilowetseni mu Video Editing kudzera pa Add, Image/Sequence, mutulutse MP4.