Mwana akakuwa usiku: kudzidzimuka kutulo kapena maloto oopsa?

Makolo ambiri kuno ku Nkhotakota akamva mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu akukuwa usiku amathamangira kumudzutsa, ndipo ena amaganiza za ufiti. Komatu pali mavuto awiri osiyana, ndipo chimene chimathandiza pa lina chimaonjezera linalo.

Kudzidzimuka kutulo kumachitika tulo tikangoyamba kukoma, patapita ola limodzi mpaka atatu mwana atagona. Amakhala tsonga, maso ali tong'o, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda kwambiri, koma sakuzindikirani ngakhale ndinu mayi ake, chifukwa akadali m'tulo tofa nato. Mukamugwira amakukankhani. Nthawi zambiri zimatha pasanapite mphindi 15, amagonanso yekha, ndipo kukacha sakumbukira kanthu. Musamugwedeze kapena kumuthira madzi, pakuti kumudzutsa mokakamiza kumamusokoneza n'kutalikitsa kulirako. Ntchito yanu ndi kumuteteza basi: chotsani koloboyi ndi mbaula, onetsetsani kuti asakodwe mu neti, ndipo tsekani chitseko chifukwa ena amadzuka n'kuyenda, zomwe n'zoopsa kwa okhala pafupi ndi nyanja.

Chimene chimayambitsa kawirikawiri ndi kutopa ndi kusagona mokwanira, monga mwana akaleka kugona masana, komanso kutentha thupi, ndipo vutoli limayenda m'magazi pa banja. Tiyerekeze kuti mwana amagona 7 koloko madzulo ndipo amakuwa cha m'ma 9 koloko pafupifupi usiku uliwonse. Muyambe mwamugoneka msanga, atakodza kaye. Zikapitirira, muzimudzutsa pang'ono mphindi 15 nthawiyo isanakwane, mongomukhudza mpaka atatembenuka kapena kuyankha, kenaka mumusiye agone, ndipo muchite zimenezi kwa sabata imodzi.

Maloto oopsa amabwera mbandakucha. Mwana amadzukiratu, amakuitanani, amakukakamirani, ndipo ngati wayamba kulankhula amatchula galu kapena fisi amene amamuthamangitsa. Uyu ndiye wofunika kumunyamula, kumuuza kuti anali maloto chabe ndi kukhala naye mpaka mantha atatha. Akuluakulu asiyenso kuopseza ana ndi afisi ndi zilombo madzulo pofuna kuti agone msanga.

Kudera la malungo ngati lathu lino, musafulumire kunena kuti ndi tulo chabe musanagwire thupi la mwana. Ngati latentha, pitani naye kuchipatala akayezedwe magazi pasanathe maola 24. Ngati thupi lauma gwa, manja ndi miyendo zikugwedezeka mobwerezabwereza, maso atembenuka, kapena sakudzuka bwinobwino pambuyo pake, kumeneko ndi kukomoka, ndipo muthamangire naye usiku womwewo. Mwana amene amaliza mkonono kwambiri n'kumabanika m'tulo, kapena amene amakuwa kangapo usiku umodzi, mukamufotokoze kwa achipatala pa tsiku la sikelo.