Momwe mungawerengere phindu la pulojekiti popanda kulipiritsa ngongole kawiri

Pulojekiti yabwino imatha kukanidwa chifukwa cha mzere umodzi wokha pa pepala la mawerengero, mzere wa chiwongoladzanja. Wowerengera amaona kuti kampani ikongola ndalama kubanki, ndiye amachotsa chiwongoladzanjacho pa ndalama zomwe pulojekiti ibweretse chaka ndi chaka. Zimaoneka zanzeru, popeza chiwongoladzanja ndi ndalama yotulukadi. Koma akamaliza amatenganso mulingo wochotsera, uja wosandutsa ndalama zam'tsogolo kukhala mtengo wa lero, osazindikira kuti mtengo wa ngongole uli kale m'kati mwake. Ngongole imodzi yalipiritsidwa kawiri.

Mfundo yake ndi yakuti pali mafunso awiri osiyana. Loyamba: kodi makinawa abweretsa ndalama zingati? Lachiwiri: kodi amene apereka mpamba, banki ndi eni kampani, akufuna kupezapo zingati? Makina sadziwa ngati anagulidwa ndi ngongole kapena ndi ndalama za eni ake, atulutsa katundu yemweyo. Choncho yankho la funso loyamba limapita pa ndalama za pulojekiti, la funso lachiwiri limapita mu mulingo wochotsera.

Tiyeni titsatire chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Kampani ikufuna makina a ndalama zokwana 900,000, ogwira ntchito zaka 3, ndipo pamapeto sadzagulitsika. Chaka chilichonse, mutachotsa zipangizo, malipiro ndi magetsi pa zogulitsa, pamatsala 450,000. Msonkho wa phindu tiuike pa 30 peresenti.

Gawo loyamba: werengerani ndalama za pulojekiti ngati kuti palibe ngongole

Yambani ndi 450,000 ija. Makina amatsika mtengo ndi 300,000 pachaka, ndiko kuti 900,000 kugawa zaka 3. Kutsika mtengoku si ndalama yotuluka m'thumba, koma kumachepetsa phindu lokhomeredwa msonkho, lomwe likhala 150,000. Msonkho wake ndi 45,000. Ndalama zenizeni zotsala ndi 450,000 kuchotsa 45,000, zomwe ndi 405,000 pachaka.

Taonani zomwe sizinalowe: chiwongoladzanja, kubweza ngongole yeniyeniyo, gawo la phindu lopita kwa eni masheya, ngakhalenso ndalama yomwe banki yapereka poyamba. Chaka choyambira mulembe 900,000 yonse ngati yotuluka, posayang'ana kuti yachokera kwa ndani. Ndalama za 405,000 zija ndi za onse opereka mpamba pamodzi, asanagawane.

Gawo lachiwiri: pezani mulingo wochotsera

Tinene kuti kampani imayendera 40 peresenti ya ngongole ndi 60 peresenti ya ndalama za eni. Banki ikufuna 10 peresenti pachaka. Eni akufuna 18 peresenti, ndipo m'pomveka kufuna zambiri, chifukwa iwo amalandira zotsala banki itatenga kale zake, ndipo zinthu zikavuta ndi iwo amayamba kutaya.

Pamene malamulo a msonkho amalola kuchotsa chiwongoladzanja pa phindu, ngongole imatsika mtengo. Pa 10 iliyonse yomwe mwapereka kubanki, msonkho wanu umachepa ndi 3, kotero mtengo weniweni wa ngongole ndi 7 peresenti. Mukaphatikiza magwero awiriwa molingana ndi kukula kwake mumapeza mulingo womwe m'mabuku umalembedwa WACC:

```
WACC = 0.40 × 10% × (1 − 0.30) + 0.60 × 18%
     = 2.8% + 10.8% = 13.6%
```

Apa ndi pomwe ngongole yalowera. Mu 13.6 peresenti imeneyi, 2.8 ndi ya banki. Pogawa 40 ndi 60, gwiritsani ntchito mtengo wa pamsika wa ngongole ndi masheya, kapena gawo lomwe kampani ikufuna kusunga kwa nthawi yaitali, osati manambala akale a m'mabuku.

Gawo lachitatu: bwezani ndalamazo pa mtengo wa lero

Gawani 405,000 ya chaka choyamba ndi 1.136, mupeza 356,514. Ya chaka chachiwiri igaweni ndi 1.136 kawiri, mupeza 313,833. Ya chaka chachitatu katatu, mupeza 276,261. Zonse pamodzi ndi 946,608. Mukachotsa 900,000 patsala 46,608. Kutanthauza kuti banki yalandira zake, eni alandira 18 peresenti yawo, ndipo pakadali kena pamwamba. Pulojekitiyi ndi yoyenera kuchita.

Mu Excel, ndalama za zaka zitatu zikakhala mu B2 mpaka B4, lembani:

```
=NPV(0.136, B2:B4) - 900000
```

Siyani 900,000 kunja kwa mabulaketi, chifukwa Excel imatenga nambala yoyamba ngati yobwera pakutha kwa chaka choyamba.

Tsopano onani zomwe zimachitika mzere wa chiwongoladzanja ukalowa. Ngongole ndi 40 peresenti ya 900,000, yomwe ndi 360,000, yobwezedwa pakutha kwa zaka 3, ndiye chiwongoladzanja ndi 36,000 pachaka, kapena 25,200 mutachotsa msonkho womwe chapulumutsa. Ndalama za pachaka zitsika kufika pa 379,800. Pa mulingo womwewo wa 13.6 peresenti, mtengo wake wa lero ndi 887,708, kuperewera ndi 12,292. Makina ndi omwewo, ogula ndi omwewo, koma pepala likunena kuti musagule.

Pali kulakwitsa kwina kobisika kwambiri, ndipo ndi komwe muyenera kukuopa chifukwa kumakometsa pulojekiti. Munthu wasiyadi chiwongoladzanja kunja, koma msonkho wautenga pa lipoti la akauntanti, pomwe unawerengeredwa chiwongoladzanja chitachotsedwa kale. Kumeneko msonkho ndi 30 peresenti ya 114,000, yomwe ndi 34,200 m'malo mwa 45,000. Kusiyana kwa 10,800 pachaka ndi mwayi wa msonkho womwe munautenga kale pamene 10 peresenti inasanduka 7. Pa zaka 3 ukweza zotsatira ndi ndalama zoposa 25,000 zomwe kulibe. Kuti mudziwe, gawani msonkho wanu ndi phindu lisanachotsedwe chiwongoladzanja. Likatuluka yankho lochepera 30 peresenti popanda chifukwa china chodziwika, chiwongoladzanja chalowa mozemba.

Musakopekenso ndi maganizo akuti ngati banki yavomera kulipira makina onse, mulingo wochotsera ukhale 10 peresenti yake. Banki yavomera chifukwa ikudalira katundu wa kampani yonse ndi mpamba wa eni, ndipo ngongole imeneyi yachepetsa zomwe kampani ingadzakongole mawa.

Nanga ndi liti pomwe chiwongoladzanja chimalowa?

Chimalowa mukafuna kuona ndalama zotsalira eni okha. Pamenepo mumachotsa chiwongoladzanja ndi kubweza ngongole, poyambira mumalemba 540,000 yomwe eni aikapo, ndipo mulingo wochotsera umakhala wa eni, osati WACC. Ndalama za onse zimayenda ndi mulingo wa onse, za eni zimayenda ndi mulingo wa eni. Chimalowanso pa pepala lapadera loona ngati ndalama za chaka chilichonse zikwanira kulipira banki pa nthawi yake, chifukwa pulojekiti yopindulitsa imatha kusowa ndalama chaka chomwe 360,000 ikufunika.

WACC nayo ili ndi malire. Imayembekezera kuti gawo la ngongole silisintha kwambiri, komanso kuti chiopsezo cha pulojekiti chikufanana ndi cha ntchito zomwe kampani imachita kale. Kampani ikalowa bizinesi yachilendo, tengani mulingo poyang'ana makampani a bizinesi imeneyo. Ngati ngongole ikubwezedwa mofulumira, kapena ndi yotsika mtengo mwapadera yoperekedwera pulojekiti iyi yokha, werengerani pulojekiti ngati yopanda ngongole pa mulingo wopanda ngongole, kenako muwonjezere padera mtengo wa lero wa msonkho wopulumutsidwa ndi kutsika mtengo kwa ngongoleyo. Njira imeneyi imalembedwa APV.